Dzina langa likusanduka Rechele: ndilitchule bwanji kuti anthu aligwire?

"Dzina langa ndine Murechele, kwathu ndi ku Mulanje cha ku Limbuli. Anandipatsa dzinali ndi agogo anga aakazi, ndipo m'Chilhomwe limatanthauza mtendere. Chaka chino ndayamba ntchito ya ulangizi pakati pa alimi a tiyi ang'onoang'ono ku Thyolo, choncho pafupifupi sabata iliyonse ndimaimirira pamaso pa anthu achilendo n'kudzitchula. Ena amandiitana Rechele, ena Mulechere, ena amangoti 'alangizi' basi. Ndikayesa kufotokoza tanthauzo lake ndimatalikitsa mpaka ndimachita manyazi. Ndinene bwanji mwachidule kuti anthu alikumbukire?"

A Murechele, ndisanayambe kulemba yankholi ndatchula dzina lanu mokweza katatu, chifukwa pa zaka zambiri zimene ndinaphunzitsa Chichewa kuno ku Mulanje, ndikuitana mayina a ana m'kaundula m'mawa uliwonse, komanso pa maukwati ndi misonkhano imene ndakhala woyendetsa mwambo, ndinaona kuti dzina limakhazikika m'mutu mwa munthu pokhapokha pakamwa pake patapeza njira yolitchulira. Tanthauzo la dzina limathandiza kwambiri pa ntchito imeneyi, koma limathandiza ngati mpini, ndipo mpini uli ndi ntchito ukakhala kuti walowa m'khasu. Mukauza anthu kuti dzina lanu limatanthauza mtendere n'kulekera pomwepo, iwo adzapita kwawo atanyamula mawu oti mtendere, dzina lenilenilo n'kutsala pabwalo pomwe munaimirira. Chimene muyenera kuchita ndi kunena tanthauzolo m'njira yoti liwabwezere ku kamvekedwe ka dzinalo, ndipo inu muli ndi mwayi pamenepa woposa anthu ambiri, monga ndionetsere posachedwa.

Poyamba ndikufuna mumvetse chifukwa chake anthu akulakwitsa momwe akulakwitsiramo, pakuti sakuchita mwachipongwe kapena mwaulesi. Khutu la munthu amene anakula ndi Chichewa silisiyanitsa r ndi l monga zilembo ziwiri zosintha tanthauzo la mawu. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa, amene bungwe loona za Chichewa linatulutsa koyamba mu 1973, amati r amalembedwa akatsatira i kapena e, pamene l amalembedwa kwina konse. N'chifukwa chake timalemba kulira, kubereka ndi mtendere, koma kulima, kugula ndi mpulumutsi. Tsopano taonani dzina lanu. Muli r wotsatira u, ndiponso l wotsatira e, kutanthauza kuti zilembo zonse ziwirizo zakhala pamalo potsutsana ndi chizolowezi cha Chichewa. Mlembi wa kalabu ya alimi amene akulemba Mulechere akungotsatira zimene anaphunzira kusukulu, ndipo m'maganizo mwake akuyesa kuti wakonza dzinalo. Palinso phatikizo loyamba lija, mu. M'Chichewa timalimeza kawirikawiri mawu akakhala aatali, moti timati mtima, mlimi, mtengo, ndipo munthu akamatchula mofulumira mu wanuyo amafooka mpaka kuzimirira. Chotsala ndi "rechele", ndipo khutu likamva mawu achilendo limathamangira ku dzina limene likulidziwa kale. Dzina la m'Baibulo lija la mkazi wa Yakobo, m'katchulidwe kamene ambiri anazolowera, lili pafupi kwambiri, ndiye anthu amagwa pamenepo. Mukadziwa izi mwadziwa malo amene muyenera kutchingira, amene ndi phatikizo loyambalo ndi dongosolo la r ndi l.

Mawu amene ndikukulangizani kunena ndi awa, ndipo muwanene monga alili kufikira mutawazolowera: "Dzina langa ndine Murechele. Ndi Chilhomwe, kutanthauza mtendere. Monga mtima amati murima, mtendere amati murechele. Mu-re-che-le." Mawu onsewa sakufika 20, ndipo mukawanena modekha amatenga masekondi pafupifupi 12. Dzinalo lamveka katatu popanda wina kuona ngati mukubwerezabwereza, chifukwa ulendo uliwonse labwera ndi ntchito yake. Koyamba ladzitchula, kachiwiri lafika ngati yankho la kamwambi kakang'ono, ndipo kachitatu laphwanyidwa m'maphatikizo kuti pakamwa pa omvera payesere mwakachetechete.

Mtima wa zonsezi ndi chiganizo chachitatu chija, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono kuti mukachinena muzidziwa kuti mukunena zoona. Chilhomwe ndi Chichewa ndi ziyankhulo zachibale, ndipo m'mawu ambiri pamene Chichewa chili ndi t, Chilhomwe chili ndi r. Mtima ndi murima, mutu ndi muru, ndipo tatu wa m'mawu oti atatu amamveka raru. Komanso pamene Chichewa chili ndi nd, Chilhomwe m'mawu ena chili ndi ch, monga kuyenda kumene amati weecha. Tsopano ikani mawu awiriwo mogundana, phatikizo ndi phatikizo, ndipo muona kuti m akuyang'anizana ndi mu, te ndi re, nde ndi che, re ndi le. Onse ali ndi maphatikizo anayi, onse amakoka liwu pa phatikizo lachitatu, ndipo zilembo zaliwu za maphatikizo atatu omalizawo ndi zomwezo. Murechele ndi mtendere ndi mawu amodzi amene anakulira m'makomo awiri. Munthu wa ku Bvumbwe kapena ku Thekerani amene wamva zimenezi kamodzi safunikanso kuloweza dzina lachilendo, chifukwa akaliiwala amangoyamba ndi mtendere, mawu amene amawanena tsiku lililonse, n'kuwatembenuza. Ndasankha murima monga chitsanzo chifukwa ndi mawu amene ngakhale Alhomwe ambiri osayankhula chiyankhulo chawo anawamvapo kwa agogo awo kapena m'nyimbo, ndiponso chifukwa ali ndi "mu" ndi r wotsatira u, zinthu ziwiri zomwe zija zimene anthu akupunthwapo. Musawonjeze chitsanzo chachiwiri pamsonkhano. Muru ndi raru ndakupatsani kuti inuyo mukhale otsimikiza, ndiponso kuti mukhale ndi choyankha wina akadzakufunsani pambali.

Kunena tanthauzo mwachidule chonchi si chinthu chachilendo kwathu kuno. Anyamata operekeza alendo kuphiri, amene amayambira ku Likhubula, akamaloza nsonga yaitali kwambiri ija ya mamita 3,002 amangoti ndi Sapitwa, kutanthauza kumalo kosapitidwa, ndipo mlendo amabwerera kwawo dzinalo lili m'mutu. Nthano za mizimu ya kuphiriko amazisunga kuti azikambe madzulo pamoto, mlendoyo akafunsa yekha.

Pamenepa ndafika pa vuto lanu lotalikitsa. Simunandiuze zimene mumanena, koma ndikhoza kuganiza, chifukwa dzina lopatsidwa ndi agogo silibwera lopanda nkhani. Munthu satchedwa mtendere pachabe. Kawirikawiri pamakhala mkangano umene unatha, matenda amene anadutsa, kapena ulendo wautali umene banja linayenda lisanakhazikike. Mukaimirira n'kunena kuti dzinalo limatanthauza mtendere, mtima umafuna kupitiriza kuti anthu amve chifukwa chake, ndipo mumapezeka mwayamba za chaka chimene munabadwa, za amalume, za mudzi umene agogo anachokera. Cholakwika si chakuti nkhaniyo ndi yosakoma. Nkhani imakoma kuposa dzina, ndipo omvera amasunga chimene chawakhudza kwambiri ndi chimene chamveka pomalizira. Mukatha mphindi ziwiri mukusimba, dzina lija limene linamveka kamodzi koyambirira lakwiririka kale. Tanthauzo ndi mawu amodzi kapena awiri oyankha funso loti dzinali likunena chiyani, pamene nkhani imayankha funso loti munalitenga bwanji, ndipo funso lachiwirili pamsonkhano wa alimi palibe amene walifunsa.

Ndinaziona ndi maso anga pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi pasukulu ina kuno. Mphunzitsi wamkazi watsopano, dzina lake Ndaziona, anaimirira kuti adzitchule. Dzinalo ndi Chichewa chomveka, koma kholo lina linafunsa mwachifundo kuti anaona zotani, ndipo iye anayamba kufotokoza za ana atatu amene amayi ake anaika m'manda iye asanabadwe. Bwalo lonse linakhala chete, amayi ena anagwira m'masaya, mmodzi anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Patapita milungu iwiri ndinamva makolo pamsika akumutchula kuti "aphunzitsi aja amayi awo anafedwa kwambiri". Anakumbukira chisoni chonse, koma dzina analitaya, ndipo mtsikanayo anakhala chaka chathunthu akuyang'anidwa ndi maso achisoni ndi anthu amene anayenera kumupatsa ulemu wa mphunzitsi. Akanangoyankha kuti ndi dzina limene amayi ake anamupatsa atapirira zambiri, n'kulitchulanso, zikanakwana. Ndikunena izi poganiziranso owerenga ena amene ali ndi mayina olemera monga Mavuto, Maliro kapena Tsoka. Munthu sakakamizidwa kuvula mbiri ya banja lake pagulu kuti dzina lake likumbukike, ndipo ali ndi ufulu wonena mbali yopepuka yokha, malinga ikhale yoona. Chimene sindivomereza ndi kupeka tanthauzo lokoma limene dzina lilibe, chifukwa m'maboma athu ano pagulu lililonse pamapezeka nkhalamba yodziwa chiyankhulocho, ndipo ikakutsutsani pamaso pa anthu mwataya zambiri kuposa dzina.

Tsopano tiyeni tiuyendere msonkhano weniweni kuyambira pofika. Tinene kuti mwaitanidwa ku kalabu ya alimi pafupifupi 40, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi pamene amakwezera tiyi pasikelo, ndipo a mfumu a m'mudzimo alipo. Ntchito yanu imayamba msonkhano usanatsegulidwe. Pitani kwa wapampando kapena aliyense amene ayendetse mwambo, mupatseni moni, ndipo mumuuze dzina lanu pamaso ndi pamaso ndi mawu omwe aja. Kenaka mupempheni mwaulemu kuti alitchule mumve. Zimenezi zimatenga theka la mphindi, koma ndi zofunika kuposa china chilichonse, chifukwa iyeyo ndi amene alitchule koyamba pagulu pokuitanani kuti muyankhule, ndipo katchulidwe koyamba kamene anthu amva kuchokera kwa munthu amene amamudziwa ndi kamene kamamera mizu. Wapampando akanena kuti "tilandire a Rechele", inu mudzakhala mukulimbana ndi mawu ake tsiku lonse. Ine ndikamayendetsa mwambo ndimakondwera mlendo akandichitira chotere, chifukwa palibe woyendetsa mwambo amene amafuna kupunthwa pa dzina la mlendo anthu akuona.

Mukaimirira, musayambe ndi dzina. Pa masekondi oyambirira anthu amakhala akusuntha mabenchi, akutontholetsa ana, ndipo maso awo akuyang'ana nkhope yanu ndi zimene mwavala. Nthawi imeneyo ndi ya malonje, ndipo mwambo wathu unakonza kale zimenezi bwino. Perekani ulemu kwa a mfumu, kwa wapampando, kwa amayi ndi abambo onse. Kenaka nenani ntchito yanu ndi kwanu, ndipo dzina libwere pomalizira. Pano ndi pamene ndikukayikira kuti mumalakwitsa, chifukwa ambiri amati "Ndine wakutiwakuti, mlangizi wanu watsopano", ndipo mawu oti mlangizi, amene ndi osavuta komanso abwera pambuyo, amaphimba dzinalo. Anthu amene akukuitanani kuti alangizi akungotola chimene munawasiyira pamwamba. Tembenuzani dongosololo kuti limveke chonchi: "Zikomo a mfumu, zikomo a pampando, amayi ndi abambo nonse. Ine ndine mlangizi wanu watsopano, kwathu ndi ku Mulanje cha ku Limbuli. Dzina langa ndine Murechele. Ndi Chilhomwe, kutanthauza mtendere. Monga mtima amati murima, mtendere amati murechele. Mu-re-che-le." Mukatero khalani chete kwa kanthawi kokwana kupuma kamodzi musanalowe m'nkhani ya feteleza kapena kudulira tiyi. Kachetechete kameneko musakaope. Mukayang'ana bwino muona milomo ya anthu angapo ikuyenda, ndipo chimenecho ndi chizindikiro choyamba chakuti dzinalo lalowa.

Pa katchulidwe, liwu lanu litsindike pang'ono mu woyambayo pa ulendo woyamba, milomo itatundumuka bwino, chifukwa ndi amene amatayika. Pa ulendo womaliza wa maphatikizo, lekani mpata wofanana pakati pa anayi onsewo, monga mmene mwana wa Sitandade 1 amawerengera pabolodi, koma nkhope yanu ikhale yomasuka kuti akuluakulu asamve ngati mukuwaphunzitsa. Musawauze kuti abwereze pambuyo panu. Ana asukulu mukhoza kuwatero, koma bambo wa zaka 60 amene wasiya munda wake kudzamva za tiyi sangakondwere kuimbitsidwa dzina la mtsikana. Musayambenso ndi kupepesa kuti dzina lanu ndi lovuta. Mukangonena kuti ndi lovuta mwawapatsa chilolezo choti asayese, ndipo chimene adzakumbukire ndi chakuti kunabwera achemwali a dzina lovuta.

Mudzadziwa ngati zayenda poona mmene anthu akuitanirani nthawi ya mafunso ndi pobalalika, ndipo kulakwitsa kulikonse kumakuuzani chimene chinasowa. Wina akati "a Mtendere", ndiye kuti tanthauzo lagwira koma mlatho wobwerera ku dzina sunamveke, mwina munathamanga pa chiganizo cha murima kapena munaiwala kumaliza ndi dzinalo. Muyankheni mokondwa kuti wagwira tanthauzo, n'kuwonjeza kuti m'Chilhomwe ndi Murechele. Muchite zimenezi tsiku lomwelo, chifukwa Mtendere ndi dzina lenileni la Chichewa, lokoma ndiponso losavuta, ndipo mukalilola milungu iwiri lidzakhala dzina lanu m'dera lonselo. Ena amasankha kulola zimenezo, ndipo ndi ufulu wawo, koma kalata yanu ikundionetsa kuti inu mukufuna dzina la agogo anu. Wina akati "a Rechele", ndiye kuti mu uja anamezedwa, ndipo mankhwala ake ndi mawu ochepa: "Muyambe ndi mu, Murechele." Koma wina akati "a Mulechere" pakamwa, ine ndikuti mulekeni. Munthuyo wagwira maphatikizo onse anayi ndi kayendedwe kake, chatsala ndi lilime lokha, ndipo kusiyanitsa r ndi l pamalo amenewo ndi chinthu chimene anthu ambiri oyankhula Chichewa sachimva n'komwe. Mukalimbana nazo mudzaoneka wovuta, ndipo anthu adzathawira ku "alangizi" kuopa kulakwitsanso.

A mfumu kapena munthu wamkulu akalakwitsa pagulu, musawakonze pamenepo. Dikirani mpata woti mutchule dzina lanu nokha m'kati mwa nkhani, monga ponena kuti aliyense amene tiyi wake wagwidwa ndi matenda akafunse za Murechele ku ofesi, ndipo akuluwo adzamva okha popanda kuchititsidwa manyazi. Zikapitirira, wapampando uja amene munamukonzekeretsa ndiye woyenera kuwanong'oneza.

Pa zolembedwa ndiye sindilola kulekerera ngakhale pang'ono. Dzina likalembedwa molakwika pa mndandanda wa opezeka pamsonkhano, limakoperedwa momwemo pa kalata, pa satifiketi ya maphunziro, ngakhale pa mndandanda wolipirira ndalama, ndipo tsiku lina mudzapezeka mukukanizidwa chinthu chanu chifukwa dzina la papepala likusiyana ndi la pa chiphaso cha unzika. Ngati n'kotheka lembani nokha. Ngati akulemba ndi wina, muuzeni mawu anayi okha, "r poyamba, l pomaliza", ndipo muyang'ane pepalalo asanapite nalo. Pamene pali bolodi kapena pepala lalikulu lopachika, lembani dzinalo ndi zilembo zazikulu musanayambe kuyankhula, ndipo lisiyeni pomwepo mpaka msonkhano utatha. Dziwaninso kuti kutsidya kwa Muloza, ku Mozambique, mawu omwewa amalembedwa ndi c yekha pamalo pa ch, ndipo kuno ena okonda kalembedwe ka Chilhomwe amaika lh pamene inu muli ndi l, monga m'mawu oti Mulhako. Wina akakuuzani kuti dzina lanu liyenera kulembedwa mwina, muthokozeni, koma inu tsatirani zimene zili pa chiphaso chanu.

Pali chinthu china chimene chidzakuchitikirani ku Thyolo, ndipo ndi bwino muchiyembekezere. Tsiku lina gogo wina adzawala nkhope atamva dzina lanu, n'kuyamba kukuyankhulani Chilhomwe chokhachokha, kapena adzakuuzani kuti kwawo salitchula choncho. Alhomwe ali m'magulu angapo, monga Amihavani, Atakhwani, Amanyawa ndi Akokhola, ndipo katchulidwe kawo kamasiyana. Ngati Chilhomwe chanu ndi chochepa, monga zilili ndi achinyamata ambiri a m'maboma ano, nenani poyera kuti munalandira dzina koma chiyankhulo mukuphunzira, ndipo mufunseni gogoyo kuti atchule mmene amatchulira kwawo. Simunataye kanthu pamenepo. Gogo ameneyo sadzaiwalanso dzina lanu, ndipo adzaliphunzitsa kalabu yonse inu mutachoka.

Mwina mukudzifunsa ngati kuli koyenera kutchula mawu oti Chilhomwe pamsonkhano wa ntchito, poti nkhani za mitundu nthawi zina zimasakanikirana ndi ndale. Funsoli lili ndi mbiri yake. Makolo ambiri a Alhomwe analowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ambiri n'kukhala m'minda ya azungu ya ku Mulanje ndi Thyolo pansi pa thangata, ndipo chifukwa cha kunyozedwa mabanja ochuluka anasiya chiyankhulo chawo ndi mayina awo n'kutenga a Chinyanja ndi a Chingerezi. N'chifukwa chake dzina ngati lanu likumveka lachilendo ngakhale pakati pa anthu amene agogo awo akanalimva msanga, ngakhale kuti kalembera wa 2018 anapeza kuti Alhomwe ndi mtundu wachiwiri kukula m'Malawi. Kuyambira pamene mwambo wa Mulhako wa Alhomwe unayamba kuchitika kwa Chonde, mayina oterewa ayambanso kumveka. Maganizo anga ndi akuti mutchule chiyankhulocho kamodzi, mwa mawu amodzi, monga mmene mungatchulire mudzi wa kwanu, chifukwa popanda kutero chiganizo cha murima chilibe poyambira. Koma mukafika pamalo pamene mwaona kuti mitima ndi yotentha, monga nyengo ya chisankho, mukhoza kunena kuti "m'chiyankhulo cha agogo anga", ndipo zina zonse zikhale chimodzimodzi.

Mawu amenewa ali ndi malire ake, ndipo sagwira paliponse mofanana. Mukakumana ndi alendo ochokera kunja, monga ogula tiyi kapena a mabungwe amene sadziwa Chichewa, mlatho wa mtima ndi murima ulibe ntchito chifukwa mtendere nawonso ndi mawu achilendo kwa iwo. Kumeneko nenani dzina, tanthauzo lake m'mawu amodzi a Chingerezi, kenaka maphatikizo anayi aja, mukukoka liwu pa che ndi kumveketsa e womaliza, chifukwa oyankhula Chingerezi amakonda kumudula. Iwo r ndi l savutika nazo. Pa foni tanthauzo lisiyeni pokhapokha munthuyo atafunsa, popeza woimbirana naye amafuna kudziwa msanga amene akuyankhula, ndipo maphatikizo onenedwa pang'onopang'ono ndi okwanira. Pamsonkhano umene anthu 30 akudzitchula motsatizana, aliyense ndi mpweya umodzi, dulani chiganizo cha murima n'kungoti "Murechele, kutanthauza mtendere, Murechele", ndipo mlathowo muusunge kuti muupereke nthawi ya tiyi kwa amene abwere kudzafunsa. Komanso musanene mawu onsewa kawiri kwa gulu lomwelo. Ulendo wachiwiri dzina lokha ndi lokwana, chifukwa chinthu chimene chinakoma koyamba chimatopetsa chikasanduka nyimbo ya msonkhano uliwonse.

Kwa owerenga amene mayina awo alibe m'bale wapafupi m'Chichewa monga lilili la a Murechele, njira ndi yomweyo kupatula mlathowo. Nenani dzina, tanthauzo m'mawu osapitirira atatu, kenaka pezani mawu odziwika amene akuyamba kapena kutha mofanana ndi dzinalo kuti khutu ligwirepo, ndipo mumalize ndi dzina. Chenjerani kuti mawu amene mwasankhawo asakhale oseketsa kapena onyozeka, chifukwa anthu adzawasandutsa dzina lanu lachipongwe.

Musanapite ku msonkhano wotsatira, yesani mawuwa pa munthu mmodzi amene sakudziwani, kaya ndi mayi wogulitsa nthochi pa Luchenza kapena mnyamata wa kabaza amene wakunyamulani. Muuzeni kamodzi kokha monga ndalembera, kambani naye zina, ndipo polekana mufunseni ngati akukumbukira dzina lanu. Akatchula mtendere yekha, chepetsani liwiro pa chiganizo chachitatu. Akatchula dzina lopanda mu, tsindikani poyambira. Chitani zimenezi ndi anthu atatu kapena anayi, ndipo mudzapeza liwiro loyenera pakamwa panu. Ndipo ngati agogo anu adakali moyo, mukapita ku Limbuli akhazikeni pakhonde, muwapemphe atchule dzinalo kangapo, mujambule mawu awo pa foni, kuti katchulidwe kamene muzikapereka kwa alimi a ku Thyolo kakhale kochokera pakamwa pa amene analipereka.